Tsiku Limene Mayi Adija Sanagogode

Chimene chinawadzutsa mayi Adija tsiku limenelo si alamu ayi. Inali azana ya ku mzikiti wa kuseri kwa mashopu, ndipo m'mwezi wa Ramazani azana ya m'bandakucha ikamveka ndiye kuti nthawi ya daku, chakudya cha osala kusanache, yatha. Amene wadya wadya, amene sanadye adikira dzuwa lilowe. Anapapasa m'bulangete n'kuipeza foni itagona chafufumimba. Anadina batani la m'mbali, anadinanso, koma galasi linangokhala bii.

Pa yadi ina ya ku Actonville, ku Joni, m'zipinda za kuseri kwa nyumba ya eni malo, munkakhala Amalawi okhaokha. Chipinda cha mayi Adija ndi cha mwana wawo Ismaili ndi mkazi wake Zakia chinali chimodzi, anangochidula pakati ndi bolodi. Kutsogolo kwake kunali che Shafi, telala wachikulire wa ku Balaka, ndi amuna ena a ku Machinga ogwira maganyu. Ntchito yodzutsa anthu onsewa kuti adye daku mayi Adija anaitenga okha, palibe anawapempha. Chaka chimenecho magetsi ankathima mosinthana, masana kaya usiku, ndipo aliyense ankadandaula za batire. Ndiye mwezi utangooneka iwo analengeza pa mpope kuti aliyense azizimitsa foni yake pogona, asunge moto wa mawa, za kudzuka awasiyire iwo. Anati munthu wamkulu alibe tulo. Kuyambira pamenepo ankaphika mpunga madzulo, alamu ikalira ankautenthetsa pa gasi, n'kuyenda khomo ndi khomo akugogoda ndi chipande. Anthu ankawayamika, ndipo iwo kuyamikidwako ankakukonda.

Koma lero zitseko zinatseguka zokha, chimodzichimodzi. Anthu anaima pakhonde mumdima, kuzizira kukuwalowa. Mpunga unali m'poto momwe anausiyira.

Ismaili ndi amene anafunsa. Iyeyu ankagwira ntchito ku Springs, ku fakitale yosungunula zitsulo, pafupi ndi ng'anjo, kumene munthu amatuluka thukuta ngakhale m'nyengo yozizira. Tsopano amayenera kupita kumeneko wopanda ngakhale dontho la madzi kukhosi. Anafunsa amayi ake chomwe chachitika, iwo nayankha kuti foni yazima. Zimenezo zinali zoona. Anafunsanso ngati inatchajidwa dzulo magetsi asanathime.

"Chaja anali nayo ndi akazi ako dzulo," anatero mayi Adija.

Zimenezonso zinali zoona, pakuti chaja yolongosoka inali imodzi m'banjamo. Chimene sananene n'chakuti Zakia atamaliza yake anatchaja ya apongozi ake mpaka kudzaza, n'kuwabweretsera ndi manja awiri. Mawuwo anangotuluka okha, ndipo atatuluka iwo sanawabweze.

Ismaili anatembenukira kwa mkazi wake pamaso pa anthu onse aja. Anati zimenezi anaziona kale, munthu wokhalira kuyang'ana pa foni tsiku lonse, mpaka kuiwala kuti pali anthu akuluakulu amene akudalira chaja yomweyo. Zakia anayamba kunena kuti anatchaja, koma anayang'ana apongozi ake, n'kusiya. Ismaili analowa m'nyumba, anatenga foni ya mkazi wake n'kuiponya m'thumba la jekete. Zakia anamukumbutsa motsitsa mawu kuti mwana akudwala. Mwana wawo wamkazi anamusiya ku Ntaja kwa amayi ake a Zakia, ndipo sabata imeneyo anali ndi malungo. Ismaili anati uthenga ukabwera aulandira yekha, iyenso ndi kholo. Anaswali, n'kupita kukakwera takisi.

Che Shafi anangoti zimachitika, Mulungu amaona cholinga cha munthu, nabwerera m'chipinda mwawo. Mawu amenewo mayi Adija anawamva ngati mbama.

Tsono chimene chinadya batire iwo ankachidziwa bwinobwino. Chimwalirireni amuna awo, tulo sitinkabwera pakakhala chete. Ndipo usiku wa ku Joni si chete weniweni: agalu, ma alamu a magalimoto, nthawi zina mfuti kutali. Bambo ake a Ismaili anali munthu wa wailesi, ankagona ikulira nyimbo za magitala za kwathu, zakalekale zija, ndipo mkazi wawo anakhala zaka zonse akuwakalipira kuti azimitse. Atabwera kuno anazipeza nyimbo zomwezo pa foni, m'mavidiyo a pa intaneti. Ankatsegula imodzi, n'kutsitsa mawu, n'kuifudikiza foni pa bulangete kuti kuwala kusaoneke pansi pa chitseko. Ikatha imeneyo inkabwera ina yokha, kenako ina, osaima. Magetsi akakhalapo foni inkagona pa chaja ndipo palibe chinkavuta. Akathima, iwo ankadzidzimuka pakati pa tulo n'kuzimitsa. Dzulo ankadziwa kuti athima. Anadziuza kuti amvera ziwiri zokha. Tulo tinawaba, foni n'kuimba yokha mpaka kufa.

Nyimbo pazokha sizikanakhala nkhani yaikulu. Vuto linali lakuti Ramazani itangoyamba, Zakia ankachapa pa mpope foni yake ikuimba pang'onopang'ono pa njerwa, ndipo mayi Adija anatuluka n'kumudzudzula anthu akumva. Anati mwezi uno si wa magitala, amene akufuna zovina adikire Idi. Zakia anazimitsa, anapepesa. Amuna a ku Machinga aja anavomereza kuti amayi anena zoona. Ndiye lero akanatsegula bwanji pakamwa n'kunena kuti yadi yonse yasala ndi njala chifukwa cha magitala awo?

Magetsi anayaka dzuwa litakwera. Mayi Adija analumikiza foni ku chaja, n'kukhala pa mkeka ndi mpongozi wawo kupinda samusa, pakuti madzulo aliwonse ankakagulitsa kutsogolo kwa mashopu kwa anthu okamasula kusala. Zakia ankapinda bwino monga mwa masiku onse, ngodya zitatu zothina. Koma pakapita kanthawi dzanja lake linkapita lokha m'chiuno, pamene ankapisa foni mu chitenje, n'kubwerako lopanda kanthu. Mayi Adija anaziona koyamba, anazionanso, mpaka analephera kupirira. Anamuuza kuti atenge yawoyo aimbire ku Ntaja. Zakia anati nambala saidziwa pamtima, ili mu foni ija. Anafunsa ngati iwo ali nayo. Analibe. Zaka zonsezi sanasungepo nambala ya asewere awo. Kuimbira Ismaili kunalinso kosathandiza, chifukwa ku fakitale mafoni amatsekera m'maloka mpaka poweruka.

Anapitiriza kupinda. Kenako Zakia, maso ali pa samusa, analankhula ngati akunena za mtengo wa anyezi.

"Amayi, ija imabwera kachitatu ija, ya gitala wolira ngati munthu, inenso ndimaikonda."

Mayi Adija anasiya supuni m'mbale. Anafuna kufunsa kuti ukunena chiyani, koma anaona kuti kutero n'kudzichotsa ulemu kawiri.

Zakia anati bolodi lija silisunga kanthu. Bambo a mwana amagona ngati mwala, koma iye chiyambireni kudwala kwa mwana tulo take n'topepuka, ndipo amamva usiku uliwonse. Dzulo anamva nyimbo zikupitirira magetsi atathima kale, anadziwa kuti batire ikupita. Anadzuka, anafika mpaka pa chitseko chawo, koma anabwerera. Akanagogoda n'kunena kuti chiyani? Kuti amayi zimitsani magitala?

"Ndiye bwanji sunanene m'mawa muja?" anafunsa mayi Adija.

"Pamaso pa che Shafi? Ndinu amayi anga."

Akanakhala kuti wawalalatira zikanapepuka. Mayi Adija anayang'ana manja awo odzaza ufa, nasowa powaika.

Zakia sanadikire kuti apepesedwe. Anasamba m'manja, anatenga foni ija pa chaja, n'kukhala pafupi nawo. Anati alamu siidya moto, ikhoza kudikira usiku wonse osatsitsa batire, koma imafuna foni yamoyo. Ikafa, alamu yafanso. Chimene chimadya ndi mavidiyo, chifukwa galasi limakhala likuyaka ngakhale mutalifudikiza, ndiponso foni imakhala ikukoka zithunzi pa intaneti osapuma. Anawafunsa ngati sankaipeza itatentha akadzidzimuka usiku. Ankaipeza itatentha, inde, ndipo ankaganiza kuti ndi bulangete. Zakia anawonjezera kuti magetsi akathima nthawi yaitali netiweki imafooka, ndiye foni imalimbana kuifunafuna, moto n'kumathera pomwepo.

Chofunika, anatero, ndi nyimbo zokhala mu foni momwemo, zomvera ndi makutu basi, galasi litazima. Anafunsa ngati ali nazo. Mayi Adija anadzuka n'kukatsegula sutikesi. Wailesi ya amuna awo inaphwanyika m'basi pobwera, koma kamemori kake anakasunga, atakamanga pa nsonga ya mpango, kakang'ono ngati chikhadabo. Sankadziwa kuti kangalowe pena paliponse. Zakia anazimitsa foni, anatulutsa kathireyi ka m'mbali ndi phini, anaika kamemori kaja, n'kuyatsanso. Atatsegula poimbira nyimbo, mayina anadzaza galasi lonse. Anadina imodzi, n'kuzimitsa galasi, nyimbo n'kumapitirira mumdima. Inali yomweyo imene amuna awo aja ankaikweza akamameta ndevu. Mayi Adija anayang'ana kukhoma.

Kenako Zakia anawaonetsa timadontho titatu ta pakona. Mukadina pamenepo, anati, mupeza taima yogonera. Mumaiuza nthawi, ikakwana nyimbo zimasiya zokha, kaya inu mwagona kaya ayi. Anafunsa kuti tulo timawapeza pakapita nthawi yotani. Iwo anati sadziwa, sanayambe adziwerengera. Zakia anati iye amamva mkonono nyimbo yachinayi isanathe, ndiye theka la ola likwana. Mayi Adija anati iwo sachita mkonono. Zakia sanatsutse. Anangowachenjeza kuti taimayo aziitchera usiku uliwonse akayamba kumvera, asaganize kuti ya dzulo ikugwirabe.

Anawauzanso kuti akafuna kusunga moto kwambiri adine kachithunzi ka ndege, foni isiye kufuna netiweki, alamu idzalirabe. Apo mayi Adija anakana. Anati uthenga wa maliro kwathu umabwera usiku, ndipo iwo sadzagona atatseka khomo limenelo. Zakia anati ndiye azingozimitsa data, woimba aziwapeza. Pomaliza anatsegula alamu, yomwe inkalira ndi kaswida, nyimbo yachipembedzo, amene Ismaili anawaikira, n'kuwaonetsa kuti mawu a alamu ali ndi kokwezera kake. Akhoza kutsitsa nyimbo mpaka kunong'ona, kaswida adzalirabe mokweza. Anawapatsa foni kuti achite okha. Mayi Adija analakwitsa koyamba, kachiwiri anakhoza, ndipo ananena kuti zinthu zake n'zosavuta, anthu amangozikulitsa.

"Bambo a mwana asadziwe," anatero Zakia akubwerera ku samusa. "Foni andibwezera mtima ukatsika. Mwina mawa."

Mwina mawa. Mayi Adija anapita nawo mawu amenewo ku mashopu, anakhala nawo pa benchi yawo madzulo onse. Anabweza chenje molakwika kwa kasitomala wa masiku onse, ndipo mayi wa ku Zambia wogulitsa zipatso pambali pawo anawafunsa ngati njala yawakwera kumutu. Iwo ankangoona mwana atagona pa mphasa ku Ntaja, agogo ake akuimba foni imene ili m'loka ku Springs. Njira yotuluka anali atapatsidwa kale, yaulere. Akanangokhala chete, alamu ikanalira mawa, anthu akanaiwala, ndipo dzina lawo likanakhala loyera. Lakuda likanakhala la Zakia, pa yadi yonse, mpaka Idi ndi kupitirira.

Ismaili anafika dzuwa litatsala pang'ono kulowa, milomo itachita mamba. Anati masana anachita chizungulire pafupi ndi ng'anjo, kapitawo n'kumutulutsa kuti akakhale panja, anzake akumuyang'ana. Sanayang'ane mkazi wake. Anthu anayala mikeka pakhonde monga mwa chizolowezi, pakuti pa yadi ija ankamasulira pamodzi. Azana itamveka anamwa madzi, anadya zipatso za tende, kwa kanthawi kunkangomveka makapu.

Mayi Adija anadikira kuti mwana wawo amwe kapu yachiwiri. Ndiye analankhula, osakweza mawu, akuyang'ana pa mkeka.

"Ismaili, bweza foni ya akazi ako. Yanga anaitchaja, inadzaza. Ndinaimaliza ndine."

Ismaili anafunsa kuti ndi chiyani, popeza iwo saimba foni usiku. Che Shafi anayesa kuwathandiza, nati mwina amayi anagona akumvera Kurani, zimene zimachitikira aliyense. Khomo linanso limenelo, lotseguka bwino. Mayi Adija analiona, ndipo kwa kamphindi analifuna.

"Ayi, che Shafi. Nyimbo. Za magitala."

Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa kuseka. Mmodzi wa amuna a ku Machinga anayang'ana ku mpope, n'kubweza maso msanga. Iwo anapitiriza, poti anali atayamba kale: kuti amamvera usiku uliwonse, kuti sagona popanda zimenezo, kuti m'mawa muja anadziwa koma anasiya mwana wa eni ake asenze. Anati za pa mpope zija nazonso azikumbukira, palibe chifukwa choti wina awakumbutse.

Ismaili anaika kapu pansi. Anafunsa ngati ndi zija za ababa. Iwo anagwedeza mutu. Iye anapisa dzanja m'jekete, anatulutsa foni, n'kuiika pa mkeka pafupi ndi bondo la mkazi wake. Ananena china chake chapansipansi chimene ena sanamve, ndipo makutu ake nayenso anali atagwa. Zakia sanadikire. Anaitola n'kuthamangira m'nyumba, ndipo posakhalitsa kudzera m'bolodi muja munamveka mawu ake akufunsa ngati wadya, ngati thupi lazizira. Atatuluka anati amayi ake anaimba kangapo masana ali ku chipatala, akufuna kumufunsa za mankhwala amene mwana anamwa ulendo wapita, mpaka anatopa. Mwana amupatsa ena, ali kunyumba, wamwa phala. Ananena zimenezi kwa mwamuna wake, koma mayi Adija ndi amene anaweramitsa mutu.

Che Shafi anapukuta m'manja, nati nkhani yatha, tiyeni tikaswali. Koma akudzuka anawonjezera, mwaulemu ndithu, kuti usiku uno iwo atchera alamu yawo, kuti amayi asamasenze okha katundu wa yadi yonse. Amuna ena aja anati nawonso atero. Mayi Adija anati ndi bwino. Akanati chiyani?

Pogona mayi Adija anachita zonse monga anaphunzitsidwira. Anaonetsetsa kuti foni yadzaza magetsi asanathime, anazimitsa data, anayang'ana alamu, anadina timadontho tija n'kusankha theka la ola. Anaiika pa mpando, osati m'bulangete. Nyimbo zinaimba pang'onopang'ono galasi lili bii, ndipo nthawi itakwana zinasiya pakati pa gitala. Iwo anali akadali maso. Dzanja linanyamuka kuti liyatsenso, koma analibweza. Anagona choncho akumvera agalu, mpaka tulo tinabwera tokha mochedwa.

Kaswida atalira anadzuka, anayatsa gasi, anatenthetsa mpunga, n'kutenga chipande. Panja anapeza kuti ma alamu akulira kale kuseri kwa zitseko, uyu belu, uyu tambala wa mu foni. Che Shafi anali atayatsa kale kandulo. Anaima pang'ono pakhonde ndi chipande chawo. Kenako anagogodabe, khomo ndi khomo, ndipo aliyense anayankha kuti tadzuka kale amayi, zikomo.

Pa chitseko chomaliza anatsegula ndi Zakia, atafunda bulangete kumutu. Sanapereke moni. Anangotambasula dzanja, mayi Adija n'kumupatsa foni. Anayatsa galasi, anayang'ana kabatire ka pakona, kamene kanali katangotsika pang'ono, n'kuwabwezera.

"Katenge mbale," anatero mayi Adija. "Mpunga ukuzizira."